Momwe mungakonzere tirayo balansi ndi zolakwika zimene singakuonetseni

Ngati muli ndi golosale ku Chibavi kapena ku Luwinga ndipo mumalemba leja, mukudziwa kuti ndalama iliyonse imalembedwa kawiri, ku debiti ndi ku kirediti. Tirayo balansi ndi pepala lotsimikizira kuti mbali ziwirizi zikufanana musanayambe kuwerengera phindu.

Mwezi ukatha, tsekani akaunti iliyonse mu leja, mupeze zotsala. Kenako jambulani mizere iwiri. Ku debiti ikani zimene muli nazo ndi zimene mwagwiritsa ntchito, mwachitsanzo ndalama za m'kabati K350,000, katundu amene munaoda K900,000, lendi K120,000, ndi K130,000 ya makasitomala otenga pangongole. Zonse pamodzi ndi K1,500,000. Ku kirediti ikani mpamba K600,000, malonda K750,000 ndi ngongole ya kuholoselo K150,000. Nazonso zikukwana K1,500,000.

Zikasiyana, musathamangire kufufuta. Yambani mwawonkhetsanso, chifukwa nthawi zina vuto limangokhala pamenepo. Zikakanabe, tengani kusiyanako mukugawe ndi 2. Mukaika lendi ija ku kirediti molakwika, mbali ziwirizi zisiyana ndi K240,000, ndipo theka lake, K120,000, likulozerani pa lendi pomwepo. Yesaninso kugawa ndi 9. Mukalemba K310,000 m'malo mwa K130,000, kusiyana ndi K180,000, imene ikugawika ndi 9 popanda chotsala. Apa mwina manambala anasinthana malo.

Koma chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ichi: mbali ziwiri kufanana sikutanthauza kuti mabuku ali bwino. Tirayo balansi imagwira zolakwika zokhazo zimene zimasiyanitsa mbali ziwirizi. Cholakwika chikalowa mofanana uku ndi uku, imangodutsa.

Tiyerekeze kuti mwagula filiji ya K400,000 n'kuilemba mu akaunti ya katundu wooda. Debiti ilipo, kirediti ilipo, zonse zifanana bwinobwino. Komatu filiji si yogulitsa, ndi chuma cha bizinesi chimene mugwiritse ntchito zaka zingapo. Mukailemba ngati katundu wooda, phindu la mwezi umenewo lioneka lochepa kwambiri, ndipo mukhoza kukweza mitengo kapena kukayikira wogulitsa wanu popanda chifukwa.

N'chimodzimodzi mukaiwaliratu kulemba thumba la shuga limene munagulitsa, mukalemba ngongole ya kasitomala wina pa dzina la mnzake, kapena lisiti la K54,000 mukalikopera K45,000 mbali zonse ziwiri.

Zoterezi zimapezeka ndi njira zina. Tengani malisiti ndi mainivoisi muwayerekeze ndi leja, limodzi ndi limodzi. Fananizani buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki komanso ya ndalama za pafoni. Werengani katundu amene ali pashelefu, ndipo aliyense wangongole mumuuze ndalama imene mwamulembera kuti avomereze kapena atsutse.