Momwe mungasankhire boti loyamba mukukhala ku Lusaka

Musanafunse mtengo, dzifunseni kuti botilo lizigona kuti. Ife a ku Lusaka nyanja tilibe. Boti limakhala pangolo pabwalo milungu yambiri, kenako n'kulikoka makilomita pafupifupi 200 kupita ku Siavonga, kunyanja ya Kariba, kutsika mapiri aja a msewu wa ku Chirundu.

Ngati ndi choncho, la matabwa lisiyeni, ngakhale lili lotchipa ndipo mmisiri aliyense wa kugombe angalikonze. Matabwa amafufuma m'madzi n'kutseka mipata okha. Akauma ndi dzuwa la Okutobala amanyala, phula n'kusweka, ndipo mukalitsitsira m'madzi mumayamba ndi kukapa. Limayenera munthu amene ali ndi m'bale kunyanja woti azilisunga m'madzi.

Otsala ndi awiri: la faibagalasi, monga maboti aatali aja timati banana, ndi la aluminiyamu. Apa ganizirani za Kariba yeniyeniyo. Chigwa chija chitamira madzi damu litatsekedwa mu 1958, mitengo yambiri inatsala chiimire, ndipo zitsa zake zikadali pansi. Aluminiyamu akagunda chitsa amangophwanyika pang'ono, pomwe faibagalasi amatha kung'aluka. Koma faibagalasi ndi wolemera, motero mphepo ikadzutsa mafunde masana amadula bwino, satinso kutentha kumapazi. Ine kwa woyamba kumene, wopita ndi anthu awiri kapena atatu kukawedza m'mbali, ndimasankha aluminiyamu wa mamita anayi ndi injini ya mahosipawa 15. Galimoto wamba imakoka, ndipo anthu awiri amalikankhira m'madzi.

Ambiri timagula logwiritsidwa kale ntchito, choncho liyeseni mwini wake ali pomwepo. La aluminiyamu, tsekani bowo lotulutsira madzi, thiranimo madzi ongokwirira pansi pake, musadzaze chifukwa ngolo ingathyoke. Gwadani muyang'ane kunsi. Liveti, kamsomali kolumikizira aluminiyamuyo, likamasuka limadontha, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi mkombero wakuda. Awiri kapena atatu angathe kukonzedwa, koma mng'alu wotsata powotcherera umafuna katswiri wa aluminiyamu, osati wowotcherera mageti.

La faibagalasi, pitani kumbuyo komwe kumamangidwa injini. M'kati mwa khoma limenelo nthawi zambiri muli pulayiwudi, ndipo madzi akalowera m'mabowo a mabawuti pulayiwudiyo amaola osaoneka. Gogodani ndi chigwiriro cha sikuludiraiva: polimba pamalira kuti ngwe ngwe, poola pamamveka phu phu. Kenako kwezani mwendo wa injini muutsamire. Khomalo likagwedera kapena pakatuluka madzi abulauni, bwererani ndi ndalama zanu. Pondaninso pansi ponse kufuna pofewa.

Ngati mukulota zokafika nalo kunyanja ya mchere ku Mozambique, aluminiyamu musamupake penti wokhala ndi kopa, chifukwa m'madzi amchere kopa amamudya. Mukalitulutsa, litsukeni ndi madzi abwino tsiku lomwelo.