Usanapite ku saluni kukasandutsa tsitsi kukhala la siliva

Mnzanga, tsitsi lakuda silifika pa siliva tsiku limodzi. Bulichi imayamba yalifiiritsa, kenaka likhala la olenji, mpaka liyere ngati mkati mwa khoko la nthochi. Apo m'pamene tona yotuwitsa imagwira. Ukaithira likadali la olenji, limangooneka ngati matope.

Werengera maulendo 3 kapena 4, kusiya milungu 4 mpaka 6 pakati kuti lipume. Ndiye kuti miyezi 2 mpaka 4 kapena kuposa, makamaka ngati unalidayapo lakuda. Ine ndinathamangira ukwati wa ku Katete, ndinathira bulichi kawiri sabata imodzi, chonsecho linali ndi rilakisa. Ponyowa linkatamuka ngati chingamu, n'kumatsalira m'chipeso. Ndinameta.

Choncho wa ku saluni ayambe ayesa bulichi pa kachingwe kamodzi ka kunkhongo. Kakaduka, leka.

Za ndalama, mtengo umene angakuuze m'tauni mwa Chipata nthawi zambiri ndi wa ulendo umodzi. Uchulukitse ndi maulendo onse, uwonjezepo tiritimenti ndi shampu yapepo yoletsa chikasu. Tona imasuluka pakatha milungu 3 kapena 4, ndipo mizu yakuda imakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye uzibwererako. Ukalidula lifupike, bulichi imalowa yochepa, mtengonso umatsika.