Momwe mungasanthulire macheza a kafukufuku mpaka kupeza mfundo zikuluzikulu

Ophunzira ambiri akamaliza kucheza ndi anthu pa kafukufuku amatenga mafunso omwe ankafunsa aja, funso lililonse n'kulisandutsa mutu: "Ubwino", "Zovuta", "Zofunika kusintha". Kenako amaunjika mayankho pansi pake. Uku n'kusanja chabe, kusanthula sikunayambe. Njira yomwe ndifotokoze pano ikutsata imene Virginia Braun ndi Victoria Clarke anailongosola mu 2006, ndipo tiyenda ndi chitsanzo chongoyerekeza: mwacheza ndi amayi 12 omwe anatuluka mu banki mkhonde, ndipo mukufuna kudziwa chimene chinawatulutsa.

Konzani zolembazo, muziwerenge

Lembani macheza onse mawu ndi mawu, m'chiyankhulo chomwe munachezera. Ola limodzi la mawu ojambulidwa limatha kudya maola anayi kapena asanu ndi limodzi polemba, choncho musaiike ntchitoyi sabata yomaliza. Chotsani mayina a anthu ndi a midzi, muike M01, M02 mpaka M12, ndipo mizere ikhale ndi manambala kuti mawu aliwonse muziwapeza msanga. Musathamangire kumasulira m'Chingerezi. Santhulani zomwe munthu ananena, mudzamasulire mawu okhawo amene mudzawaike mu lipoti.

Mukatero werengani zonse kamodzi osaika chizindikiro chilichonse, uku mukulemba m'kope zomwe zakudabwitsani. Kopelo musalitaye.

Ikani makhodi

Khodi ndi dzina lalifupi limene mumapatsa kachigawo ka mawu, lonena chimene chikuchitika m'kachigawoko. Tiyerekeze kuti M04, pa mizere 52 mpaka 57, wanena izi:

"Ine kusonkha sikunkandivuta. Koma nditabwereka K40,000, bambo a kunyumba anatengapo theka kuti agulire feteleza. Tsiku lobweza litakwana anzanga anabwera kudzamasula mbuzi, mudzi wonse ukuona. Kuchokera pamenepo sindinapondekonso."

Wongoyamba kumene amalemba khodi imodzi, "ngongole", n'kupitirira. Khodi yotereyi ndi yotakata kwambiri moti pomaliza idzakhala ndi mawu a amayi onse 12 osakuuzani kanthu. M'mizere yomweyi muli zinthu zisanu: kusonkha sikuvuta, mwamuna watengako ngongole, gulu lalanda katundu, kuchititsidwa manyazi poyera, kuchoka osatsanzika. Khodi ya "kusonkha sikuvuta" musaipeputse. Ikutsutsa zomwe ambiri tikanayembekezera, zoti anthu amatuluka chifukwa chosowa ndalama yosonkha.

Poyesa khodi, bisani mawu a mayiyo muwerenge khodi yokhayo. Ngati ikukukumbutsani chomwe chinanenedwa, ili bwino. Kachigawo kamodzi kangathe kulandira makhodi awiri kapena atatu, ndipo potenga kachigawoko tengani ndi chiganizo cha patsogolo ndi cha pambuyo pake, kuopa kuti tanthauzo lingasokonekere.

Za chida musadandaule nazo. Mapulogalamu a pakompyuta oikira makhodi monga NVivo, ATLAS.ti ndi MAXQDA ndi olipira, Taguette ndi yaulere, koma pa macheza 12 Excel ndi yokwana. Ikani mizati inayi: nambala ya munthu, mizere, mawu ake, khodi. Kachigawo kokhala ndi makhodi atatu kalembeni katatu, kuti mukadina Filter muone mawu onse a khodi imodzi pamodzi. Pulogalamu imangosunga, kuganiza n'kwanu.

Mukamaliza anthu atatu, imani kaye. Lembani mndandanda wa makhodi anu, iliyonse ndi tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi komanso pomwe siyenera kuikidwa. Mwachitsanzo, "kuchititsidwa manyazi poyera" ikhale ya pomwe anthu akunja kwa gulu anaona kapena kumva, osati kudzudzulana pamsonkhano. Mukapanda kutero, pofika kwa M10 khodiyo idzakhala itasintha tanthauzo inu osadziwa. Mudzapezanso amapasa, monga "kulandidwa mbuzi" ndi "kutengeredwa ziwiya", aphatikizeni. Ndipo khodi yatsopano ikabadwa kwa M09, bwererani kwa M01 mukaone ngati simunaidumphe.

Kuchoka pa makhodi kufika pa mfundo yaikulu

Apa ndi pamene pagona ntchito. Tinene kuti muli ndi makhodi 60. Lembani iliyonse pakapepala kake, muwayale pamkeka kapena patebulo, muyambe kusendeza pamodzi amene akugwirizana. Funso lake si lakuti "awa akukamba za chiyani?" koma lakuti "awa pamodzi akunena kuti chiyani?"

Mulu wina ungakhale ndi izi: mwamuna watengako ngongole, kubwerekera mlamu, ndalama yapita kuchipatala, geni sinayambe. Mukautcha "Mavuto a m'banja", mwangopeza mutu. Mfundo yaikulu imakhala ndi mneni ndipo munthu angathe kuitsutsa: "Wobwereka ndi mayi, koma wogwiritsa ntchito ndalamayo ndi wina." Mulu wachiwiri, wa kulanda katundu, manyazi poyera, kunenedwa kumjigo ndi kuchoka osatsanzika, ungapereke iyi: "Chotulutsa munthu si kulephera kubweza, koma momwe gulu latolerera ngongoleyo." Mukuona kuti mawu a M04 aja alowa m'mfundo zonse ziwiri, ndipo palibe mwa ziwirizi imene inali funso papepala lanu.

Makhodi ena adzatsala okha, monga dandaulo la mayi mmodzi loti misonkhano inkachitika tsiku la msika. Aikeni pambali, musawakakamize. Pa macheza 12, mfundo zitatu kapena zinayi zokhwima zimakwana. Mukapeza khumi, ndiye kuti zambiri mwa izo ndi makhodi ovala jekete.

Iyeseni mfundoyo

Choyamba werengani mawu onse ali pansi pa mfundo imodzi motsatizana. Ngati theka lake likufuna kuti mufotokoze kaye chifukwa chomwe lakhalira pamenepo, mfundoyo ndi ziwiri zomatidwa pamodzi. Ngati mawu omwewo okhaokha akupezeka pansi pa mfundo ziwiri, ndi imodzi. Onaninso eni mawuwo: nthawi zina mfundo yooneka yamphamvu imakhala ya mayi mmodzi woyankhula mokoma amene munamutenga kasanu ndi kawiri.

Kenako bwererani ku macheza athunthu mukafunefune wokutsutsani. Tinene kuti M07 nayenso analandidwa katundu koma anakhalabe m'gululo chaka china, n'kudzatuluka atasamuka. Musamubise. Mukawerengetsa mupeza kuti kwa iye anapita anthu awiri okha, madzulo, atagwirizana naye kale. Mfundo ija yasongoka tsopano: chopweteka si kulandako, koma kulanda anthu akuona. Sinthani mawu a mfundoyo kuti anene zimenezo.

Lembani

Pa mfundo iliyonse lembani ndime yaifupi yonena chomwe ikutanthauza ndi pomwe ikulekezera. Ikakukanikani, mfundoyo sinapse. Mu lipoti yambani ndi zomwe inu mukunena, mubweretse mawu a anthu awiri kapena atatu osiyana, aliyense ndi nambala yake, kenako mufotokoze chomwe mawuwo akusonyeza. Mungathe kunena kuti amayi 7 mwa 12 anatchula manyazi, koma musasandutse zimenezi maperesenti. Amayiwa simunawasankhe mwamaere, ndipo amene sanatchule manyazi mwina simunawafunse za tsiku lotolera ngongole. Onaninso mawu omwe mwasankhawo ngati sakuulula mwini wake: m'gulu la anthu 20, aliyense akudziwa amene anamasulidwa mbuzi, choncho lembani "chiweto" kapena muchotse tsatanetsataneyo.