Pabokosi palembedwa 1200, pafoni pakubwera 40: momwe mungapezere pomwe liwiro likuthera

Mwagula rauta yatsopano, pabokosi palembedwa AC1200 ndi zilembo zikuluzikulu, koma mukayeza pafoni pakungobwera 40 Mbps. Musanathamangire kukakangana ndi wogulitsa, yambani mwachita izi.

Choyamba, phwanyani nambala ya pabokosiyo. 1200 ija ndi liwiro la misewu iwiri ya waifai yophatikizidwa: 300 Mbps ya 2.4 GHz ndi 867 Mbps ya 5 GHz. Zonse pamodzi ndi 1167, opanga amangoikweza kuti imveke bwino. Koma foni imayenda msewu umodzi pa nthawi imodzi, choncho 1200 yonseyo simudzaionapo.

Chachiwiri, onani liwiro lomwe chipangizo chanu chagwirizana ndi rauta. Pa laputopu ya Windows, tsegulani Command Prompt n'kulemba:

```
netsh wlan show interfaces
```

Yang'anani mzere wa Receive rate (Mbps). Kuti pabwere 867, pamafunika tinyanga tiwiri ta waifai m'kati mwa chipangizocho. Mafoni ambiri otchipa ali ndi kamodzi, ndiye amalekezera pa 433 ngakhale mutawakhazika pamwamba pa rauta penipeni. Ndipo 433 imeneyo si yanu yonse: gawo lina limathera pa kudikirana ndi zipangizo zina, kutsimikizirana kuti uthenga wafika, ndi kutumizanso zomwe zatayika m'njira. Chotsala chimakhala theka kapena kupitirira pang'ono, tinene 200 ndi kenakake.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapeza yankho, lumikizani laputopu ku rauta ndi waya, muzimitse waifai, muyeze pa fast.com. Ngati mumalipira intaneti ya 50 Mbps ndipo pawaya pakubwera 47, rautayo ilibe mlandu. Rauta ili ngati mpopi, singatulutse madzi oposa omwe akubwera m'paipi. Koma ngati mumalipira ya 200 ndipo mukungozungulira pa 94, werenganinso tizilembo ting'onoting'ono ta pabokosi. Mukapeza 10/100 pa mabowo olowetsa waya, mlandu watha: rauta zina za AC1200 zili ndi mabowo osadutsa 100 Mbps, ndipo zimenezi ndimaziona ngati kupusitsa ogula. Zikalembedwa Gigabit, kutanthauza mabowo ofika 1000 Mbps, koma mukadali pa 94, sinthani waya, chifukwa wothyoka m'kati amagwetsera liwiro pamenepo.

Pomaliza, bwererani pa waifai. Yezani mutaima pafupi ndi rauta, kenako mukayezenso kuchipinda. 5 GHz imathamanga koma siidutsa bwino khoma la njerwa, ndipo ikafooka foni imatha kudumphira yokha ku 2.4 GHz, komwe mumalimbirana ndi rauta za anansi. Kusiyanako kukakula, chotsani rauta kuseli kwa kanema, muiike pamalo okwera pakati pa nyumba.

Mukamakopera failo n'kuona 5 MB/s, musadabwe. B wamkulu wa mu MB/s ndi b wamng'ono wa mu Mbps amasiyana ka 8, ndiye 5 MB/s ndi 40 Mbps yomwe ija.