Momwe mungapezere miyeso yeniyeni ya nyumba pa pulani yojambulidwa ndi foni

Pulani ikangojambulidwa ndi foni, ka 1:100 kolembedwa pakona kaja kasiya kugwira ntchito. Kanali koona pa pepala lomwe wojambula pulani anatulutsa, pomwe sentimita imodzi imaimira mita imodzi. Koma chithunzi chomwe mwapilinta chili ndi kukula kwakekwake, malinga ndi pomwe wojambula ndi foniyo anaima komanso pepala lomwe mwagwiritsa ntchito. Ngakhale fotokope wamba imasintha zinthu: pulani ya pa A3 mukaichepetsa kuti ikwane pa A4, 1:100 ija imasanduka pafupifupi 1:141, koma pakona padzakhalabe palembedwa 1:100. Ndiye ntchito yonse yagona pa kupeza sikelo ya pepala lomwe lili m'manja mwanulo.

Mufunika rula ya mamilimita, pensulo yosongoka bwino ndi chowerengetsera cha pa foni. Pa rula musaumire. Marula apulasitiki otchipa aja ena manambala ake anadindidwa mwachisawawa, ndipo ine ndinagulapo ina yomwe pa masentimita 30 inkasiyana ndi yachitsulo ndi milimita yathunthu. Gundanitsani marula awiri musanayambe, muone ngati akugwirizana. Ndipo ngati ziro wake anaperepeseka, yambirani pa 10, muzichotsera.

Choyamba, pilintani chithunzicho

Kuyeza pa galasi la foni n'kudzivutitsa, chala chikangokhudza chithunzi chakula kale. Pilintani, ndipo pepala likhale lalikulu momwe mungathere. Kuti lakula motani zilibe kanthu, popeza sikelo tiipeza tokha. Choopsa ndi chimodzi: kukoka chithunzi mbali imodzi. Opilinta ena amachitambasula kuti chidzaze pepala chioneke bwino, nyumba n'kunenepa m'litali osanenepa m'lifupi. Auzeni akokere pakona, asakokere m'mbali. Ngati chithunzi akukutumizirani, pemphani achitumize ngati dokumenti, chifukwa mapulogalamu ochezera amachifinya mpaka 3 kumaoneka ngati 8.

Chachiwiri, onani ngati chithunzicho n'choongoka

Apa ndi pomwe ndinapsa nditavala, ndiye mundilole ndichedwepo.

Mnzanga wina ananditumizira pulani ya nyumba yake kuti ndimuwerengere matailosi a chipinda chogona. Pulaniyo inali pa tebulo, iye anaijambula ali chikhalire pa mpando. Poiona, inkaoneka yabwinobwino. Khoma lakutsogolo linalembedwa 12 600, kutanthauza mamilimita, monga mwa mapulani ambiri. Nditayeza ndinapeza mamilimita 90. Ndinagawa 12 600 ndi 90, ndinapeza 140, ndinati basi zatheka. Chipinda chija chinali kumbuyo kwa nyumba, chakumtunda kwa chithunzi, ndipo miyeso yake inali itabisika ndi kuwala kwa fulashi. Ndinayeza 22.5 ndi 19, n'kuchulukitsa ndi 140, ndinapeza 3 150 ndi 2 660. Masikweya mita 8.4. Ndinaonjezerako pang'ono a zodulidwa, mnzanga n'kukagula.

Chipinda chenicheni chinali 3 600 ndi 3 225, masikweya mita 11.6. Matailosi anathera pakati pa ntchito, ndipo pobwerera kokagula ena, wogulitsa analumbira kuti ndi mtundu womwewo, koma atayalidwa pansi aliyense ankaona pomwe akale athera. Imeneyo ndi nkhani ina.

Chinachitika n'chiyani? Foni ikapendekeka, mbali ya pepala yomwe ili pafupi ndi kamera imatuluka yaikulu, yakutali imatuluka yaing'ono, monga msewu umaonekera wopanikizika kutsogolo. Nditabwerera ku pepala lija ndinayeza khoma lakumbuyo, lomwe liyenera kufanana ndi lakutsogolo. Linali mamilimita 78, osati 90. Kutsogolo sikelo inali 1:140, kumbuyo inali pafupifupi 1:162. Pepala limodzi, masikelo osiyanasiyana, ndipo ine ndinatenga ya kutsogolo n'kukayezera kumbuyo. Komanso miyeso yolowera kumtunda kwa chithunzi imafupika kuposa yopingasa, n'chifukwa chake 3 225 ija inagwa kwambiri chonchija.

Diso silingakuuzeni zimenezi, chifukwa ubongo umaongola wokha zomwe ukudziwa kuti n'zoongoka. Rula ndiye imaulula. Pezani pa pulanipo chinthu chachikulu cha ngodya zinayi zoongoka, kaya ndi nyumba yonseyo kapena mzere wozungulira pepala. Yezani mbali ziwiri zoyang'anizana, ziyenera kufanana. Yezani ziwiri zinazo, ziyeneranso kufanana. Kenako yezani modutsa pakati, kuchoka pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri, ngati momwe amisiri amachitira ndi chingwe poyika maziko. Ine zikasiyana kupitirira milimita imodzi pa mamilimita 100, chithunzicho sindichikhulupirira.

Chikakhala chopindika, musalimbane nacho. Mapulogalamu ena a pa foni amaongola ngodya za pepala, ndipo amathandizadi, koma nthawi zina amalakwitsa kukula kwa litali poyerekeza ndi lifupi, ndiye muyenera kuyezabe mbali zonse ziwiri. Chachidule n'kujambulanso. Yalani pulani pansi, mutsendereze m'makona kuti makwinya a popinda aphwe. Foni ikhale chogona pamwamba penipeni pa pakati pa pulani, osaipendeketsa. Italikitseni pang'ono n'kukoka chithunzi ndi zumu, kusiyana n'kuyandikira, chifukwa kamera ikayandikira mizere ya m'mphepete imakhota. Fulashi zimitsani. Ndipo kachenjerero komwe ndinaphunzira mochedwa: gonekani rula yopyapyala pa pulanipo kuti nayonso ijambulidwe. Ikatero mumadziwa kuti pepala loyambirira lachepa motani, ndipo ngati linali lenileni la wojambula pulani, 1:100 ija imadzukanso.

Chachitatu, pezani sikelo yanu

Mnzanga uja atajambulanso bwino, khoma la 12 600 linatuluka mamilimita 84, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Lamulo lake ndi limodzi: muyeso weniweni wolembedwa muugawe ndi womwe mwayeza, zonse zikhale m'mamilimita.

12 600 ÷ 84 = 150

Ndiye milimita imodzi pa pepala langa ikuimira mamilimita 150 pa nyumba. Musaimire pomwepo. Khoma la m'lifupi linalembedwa 8 400, ndinayeza 56, ndipo 8 400 ÷ 56 ndi 150 yomweyo. Modutsa pakati monse muwiri munali mamilimita 101. Apa mtima unakhala pansi. Zikanatuluka 150 uku, 158 uko, makoma oyang'anizana ali ofanana, ndikanadziwa kuti wina anachikoka chithunzicho. Chotero chimagwirabe ntchito, bola miyeso ya m'litali muziichulukitsa ndi nambala yake, ya m'lifupi ndi yakenso, ndipo yopendekeka musaiyeze n'komwe.

Yang'anitsitsani pomwe muyeso wolembedwawo wayambira ndi pomwe wathera. Pali timizere kapena timivi kumapeto kwake. Ena amayeza kunja kwa khoma mpaka kunja, ena mkati mpaka mkati, ena pakati pa khoma. Rula yanu igone pa timizere timeneto, osati pomwe mukuganiza kuti nyumba yathera.

Nthawi zonse tengani muyeso wautali kwambiri womwe ukuwerengeka. Anthu amakonda kunena kuti ingotengani khomo, ndi 900 basi. Pa sikelo ya 1:150 khomo la 900 ndi mamilimita 6 okha. Mukawerenga 6.5, zomwe sizovuta pa chithunzi cha chimbuuzi, sikelo yanu ituluka 138, ndipo khoma la mamilimita 84 lija lituluka pafupifupi 11 600. Theka la milimita lakudyerani mita yathunthu. Kulakwitsa komweko pa khoma lalitali sikungasunthe sikelo kupitirira 1. Komanso si khomo lililonse lili 900, la kubafa kawirikawiri limachepa. Khomo likhale pothawira pokhapokha ngati pa pulani ponse palibe nambala yowerengeka. Ngati pali kamzere ka sikelo kodulidwadulidwa kaja, kolembedwa 0, 1, 2, 5, gwiritsani ntchito utali wake wonse, chifukwa kamachepa ndi kukula limodzi ndi chithunzi.

Chachinayi, yezani n'kuchulukitsa

Chipinda chija tsopano chinali 24 ndi 21.5 mkati mwa makoma. 24 × 150 ndi 3 600, ndipo 21.5 × 150 ndi 3 225. Lembani nambala zoyeza mbali ina, zenizeni mbali ina, kuti musazisokoneze.

Dziwani malire ake. Ndi rula wamba mungawerenge mpaka theka la milimita, ndipo pa 1:150 theka limenelo ndi mamilimita 75 pa nyumba. Choncho 3 225 wanga akanatha kukhala 3 200 kapena 3 250. Powerengera matailosi, penti kapena siling'i, zimenezi n'zokwanira. Podulitsa galasi kapena kuotcheretsa mafelemu a mawindo, ayi, pitani ndi tepi pa nyumba pomwepo. Kunenepa kwa khoma musayese n'komwe kukuyeza: khoma la 230 pa pepala limeneli ndi milimita imodzi ndi theka, lingofanana ndi mzere wa inki. Ndipo pomwe pali nambala yolembedwa yowerengeka, nambalayo ndiyo ipambane rula yanu.

Podzitsimikizira, phatikizani zonse zomwe zandandalika m'mbali mwa khoma limodzi. Zipinda zitatu zinatuluka 3 600, 3 000 ndi 5 325. Makoma awiri akunja a 230 ndi awiri amkati a 115, malinga ndi zomwe zinalembedwa, ndi 690. Zonse pamodzi 12 615, pomwe pulani ikuti 12 600. Kusiyana kwa 15 si nkhani. Kukanakhala 200, ndiye kuti ndaiwala khoma kapena ndaliwerenga kawiri.

Pa masikweya mita, sinthani mbali iliyonse kaye ikhale m'mamita, kenako muchulukitse: 3.6 × 3.225. Mukachulukitsa za pa pepala n'kudzachulukitsa ndi 150 kamodzi kokha, yankho lake likhala la nyumba ya nyerere.

Chomaliza, jambulani pulani yanu pa pepala

Apa palibe zambiri. Sankhani sikelo yosavuta, monga 1:100 kapena 1:50, mugawe nayo miyeso yeniyeni ija. Pa 1:100, 12 600 ndi mamilimita 126, 8 400 ndi 84. Pa 1:50 ndi 252 ndi 168, zomwe zimakwana pa A4 mutaigoneka, ngakhale malo olembapo miyeso amatsala ochepa. Yambani ndi makoma akunja, muyezenso modutsa pakati, kenako amkati, makomo ndi mawindo pamapeto. Miyeso yomwe munachita kuyeza ndi rula muiike kachizindikiro kuti isiyane ndi yomwe munakopera yolembedwa. Pansi jambulani kamzere ka sikelo koimira mamita 5 ndi kena kotere koimirira m'mbali, popeza yanuyinso wina adzaijambula ndi foni ali chikhalire pa mpando.