Mwagula katundu wowonongeka? Umu ndi momwe mungalembere kalata yoti akusinthireni kapena akubwezereni ndalama

Ndili ndi shopu yometera ndi kutchajitsa mafoni pa Lunzu, ndipo magetsi akazima ntchito yonse imadalira sola. Pa 3 Febuluwale ndinapita ku Limbe kukagula mabatire awiri a 100Ah, lililonse pa K380,000. Limodzi linali labwino. Linzake silinkasunga moto. Likatchajidwa tsiku lonse, ndikangolumikiza makina ometera awiri ndi babu limodzi, ola silinkakwana lisanathe. Ndalama ya batire limeneli inabwerera m'thumba mwanga patatha masabata asanu ndi masiku awiri, ndipo chinaibweza ndi kalata. Masabata awiri mwa amenewa ndinawataya chifukwa cholakwitsa chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene ndifotokoze kwambiri.

Musanagwire cholembera

Lekani kugwiritsa ntchito katunduyo tsiku lomwe mwaona vuto, ndipo musamutsegule kapena kupita naye kwa amisiri. Wogulitsa akangoona kuti chomata chang'ambidwa kapena sikuluwu yagwiridwapo, mlandu wonse autembenuzira kwa inu. Musazengerezenso. Lamulo la kagulitsidwe ka katundu limati ukasunga katundu nthawi yaitali osamuuza wogulitsa kuti wamukana, umatengedwa ngati wamuvomera.

Kenako pezani umboni wa manambala. Kungonena kuti "batire ndi lakufa" sikuthandiza, chifukwa iwo ayankha kuti mapanelo anu ndiwo ofooka. Ine ndinabwereka mita yoyezera magetsi. Batire labwino la mavolti 12 likadzaza n'kupuma limaonetsa 12.6 kapena kupitirira pang'ono. Langa labwinolo linkaonetsa 12.7, pomwe lodwalalo, lotchajidwa ndi panelo yomweyo, mmawa linkapezeka latsika kufika pa 10.5 popanda cholumikizapo. Kutsika kotere nthawi zambiri kumatanthauza kuti chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi za m'kati chafa. Ndinajambula mita ili pa batire masiku atatu otsatizana, nambala yodindidwa pa batirepo ikuoneka.

Apa ndichenjezeko pang'ono. Pogula batire, linyamuleni kaye. La 100Ah lenileni la mtovu limalemera makilogalamu oyandikira 30. Mukapeza lolembedwa 100Ah koma mukulinyamula ndi dzanja limodzi, mtengo wake uli theka la anzake, lisiyeni. Chimodzimodzi wogulitsa amene akuti "popanda lisiti ndikuchotserani pang'ono". Kandalama mwapulumutsako ndi kamene kadzakulizeni, chifukwa popanda lisiti kalata yanu ilibe poyambira. Ngati munalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wotsimikiza uja musaufufute, umathandiza.

Kalata yeniyeniyo

Tsamba limodzi ndi lokwanira. Ine ndinalemba m'Chichewa ndipo palibe anaikana. Lemberani manijala kapena mwini shopu, dzina la bizinesi mulikopere ndendende monga lilili pa lisiti, osati dzina lomwe anthu amaitchula pamsewu. Yanga yachiwiri, yomwe inagwira ntchito, inali yotere, ndangochotsamo mayina:

28 Febuluwale

Kwa a Manijala,

DANDAULO: BATIRE LA SOLA LA 100Ah LOSASUNGA MOTO

Pa 3 Febuluwale ndinagula m'shopu mwanu mabatire a sola awiri a 100Ah, lililonse pa mtengo wa K380,000. Nambala ya lisiti ndi nambala ya batire lowonongekalo zili pa mapepala omwe ndaphatikiza.

Batire limodzi silikusunga moto. Likatchajidwa tsiku lonse, mmawa limapezeka pa mavolti 10.5 popanda cholumikizapo, pomwe linzake, lomwe ndinagula tsiku lomwelo ndipo limatchajidwa ndi panelo yomweyo, limakhala pa 12.7. Vutoli ndinaliona pa 5 Febuluwale ndipo ndinasiya kuligwiritsa ntchito. Sindinalitsegule. Pa 10 Febuluwale ndinasiya kalata yoyamba m'shopu mwanu koma sindinayankhidwe.

Ndikupempha kuti mundipatse batire lina latsopano la mtundu ndi kukula komweko, loyezedwa ine ndikuona. Ngati mulibe, mundibwezere K380,000 yonse. Chimodzi mwa ziwirizi chichitike pofika Lachisanu pa 14 Malichi, 4 koloko madzulo. Batire lowonongekalo ndili nalo ndipo ndidzabwera nalo tsiku lomwe mungandiuze.

Tsikuli likadutsa nkhaniyi isanathe, ndikapereka dandaulo langa ku bungwe la CFTC, loona za chilungamo pa malonda.

Ine wanu,
dzina, siginecha ndi nambala ya foni

Taonani kuti mulibe mawu otukwana kapena akuti "ndinu akuba". Mtima unkandipweteka ndithu, makasitomala ankabwerera pakhomo magetsi akazima, koma kalatayi mwina idzawerengedwa ndi munthu wachitatu amene sakudziwani nonse awiri. Iye adzafuna kuona masiku, ndalama ndi chomwe chawonongeka. Musaopsezenso ndi chinthu chomwe simudzachita. Mukalemba kuti mupita ku khoti koma mulibe maganizo amenewo, ogulitsa ozolowera amadziwa.

Mawu akuti "loyezedwa ine ndikuona" ndi "yonse" musawasiye. Ena amakusinthira ndi katundu yemwe kasitomala wina anabweza, ena amafuna kudula ndalama ati chifukwa wagwiritsako ntchito.

Pomwe ine ndinagwa: tsiku lomaliza ndi umboni woti kalata yafika

M'kalata yanga yoyamba ya pa 10 Febuluwale ndinalemba kuti andithandize "pasanathe masiku 14 chilandirireni kalatayi". Ndinaiika mu envulopu, kuimata bwinobwino, n'kukwera minibasi mpaka ku Limbe. Manijala kunalibe. Mnyamata wa pa kauntala anailandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Musadandaule achimwene, abwana akangofika ndiwapatsa." Ndinamuona akuiika pansi pa buku la malisiti. Sindinafunse dzina lake, sindinamusainitse paliponse, ndipo kope langa linalibe chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti kalata inafika.

Ndinawerenga masiku 14 kunyumba. Pa 24 Febuluwale ndinabwereranso, ndipo ulendo uno manijala ndinawapeza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo, kalata yanji? Ine sindinalandire kalata iliyonse." Mnyamata uja tsiku limenelo sanabwere kuntchito. Kaya kalatayo inasowadi kaya anaiona n'kuitaya, kwa ine zinali chimodzimodzi, chifukwa masiku anga 14 ankayambira pa tsiku lolandira, ndipo tsiku lolandiralo ndinalibe njira yolitsimikizira. Ndiye kuti nthawi yomwe ndinawapatsa inali isanayambe n'komwe. Ndinatuluka m'shopumo manja ali lende, ndalama ya minibasi ya maulendo awiri itapita, shopu yanga itatsekedwa masiku awiri.

Ndiye chitani izi. Choyamba, tsiku lomaliza likhale deti la pa kalendala, lokhala ndi dzina la tsiku ndi ola. "Mwamsanga", "posachedwa" kapena "sabata ino" si malire. "Masiku 14 chilandirireni" ndi msampha womwe ndinagweramo ine. Mukalemba kuti Lachisanu pa 14 Malichi, palibe wokangana nanu za kawerengedwe. Yang'anani pa kalendala kuti lisagwere Lamulungu kapena pa holide. Masiku 14 ndi abwino pa katundu ngati uyu, chifukwa wogulitsa amafunika nthawi yoyeza katunduyo kapena kuitanitsa wina. Mukapereka masiku awiri, wina aliyense wodzaweruza nkhaniyi adzati simunawapatse mpata. Mukapereka mwezi, aiwala. Ngati ndi katundu woola kapena mbewu nthawi yodzala, masiku 7 kapena ochepera apo ndi omveka, koma mulembe chifukwa chake m'kalatamo.

Chachiwiri, pitani ndi makope awiri ofanana, osamata envulopu. Limodzi ndi lawo. Pa linalo wolandirayo alembe dzina lake, deti ndi nthawi, asaine, ndipo adindepo chidindo cha shopu. Chidindo chimenechi amakhala nacho pa kauntala pomwepo, ndi chomwe amadindira malisiti ndi makoteshoni. Popereka kalata yachiwiri, mtsikana wa pa kauntala anayamba wakana, ati saloledwa kusaina. Ndinamuuza mwaulemu kuti, "Achemwali, kusaina apa sikuvomera mlandu, n'kungosonyeza kuti pepala lafika. Ndidikira abwana." Ndinakhala pa benchi pafupifupi ola lathunthu, makasitomala akulowa n'kumandiyang'ana ndi mapepala anga m'manja. Manijala atatulukira anasaina okha.

Akakanitsitsa, musakangane. Pitani ndi mboni, munthu wamkulu amene si wa m'nyumba mwanu, alembe kumbuyo kwa kope lanu kuti kalata yaperekedwa pa deti lakuti koma akana kusaina. Njira ina ndi kutumiza ku positi ofesi ngati kalata yolembetsa, n'kusunga kalisiti kake.

Ndisanachoke pakhonde la shopuyo ndinajambula kope lodindidwalo n'kulitumiza pa WhatsApp ku nambala yolembedwa pa lisiti. Timizere tiwiri titasanduka tabuluu, ndinajambulanso sikirini. Uthenga wa pafoni pawokha sulowa m'malo mwa kalata, koma umatseka pakamwa pa wonena kuti sanaone.

Lisiti lenileni musalisiye m'manja mwawo, ngakhale atanena kuti akufuna akalione ku ofesi. Apatseni fotokope. Malisiti a makina aja amafufutika akakhala pa dzuwa kapena m'thumba, choncho ajambuleni tsiku lomwe mwagula. Akafuna kutsala ndi katunduyo kuti akamuyeze, akulembereni kapepala kosonyeza nambala yake ndi tsiku lomwe amulandira.

Akakulozerani chikwangwani

Mashopu ambiri ali ndi mawu pakhoma kapena pansi pa lisiti oti katundu akagulidwa sabwezedwa. A manijala anandilozera amenewa. Musabwerere nawo m'mbuyo. Bungwe la CFTC, lomwe limaona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lakhala likuchenjeza kuti mawu otere ndi osemphana ndi malamulo, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolamula wamalonda kubweza ndalama komanso kumulipiritsa chindapusa. N'chifukwa chake dzina la bungweli lili kumapeto kwa kalata yanga.

Masiku otsalawo

Kutatsala masiku atatu, tumizani uthenga umodzi wokumbutsa detilo. Akalonjeza chilichonse pafoni, alembereni uthenga wobwereza zomwe anenazo. Akakupemphani kuwonjezera masiku, mutha kuvomera kamodzi, koma deti latsopanolo lilembedwe.

Tsiku likadutsa, tengani lisiti, zithunzi ndi kope lodindidwa lija mupite nazo ku CFTC. Bungwe la CAMA nalonso limalandira madandaulo a ogula, ndipo ngati mukukayikira kuti katunduyo ndi wachinyengo, a MBS ndiwo oona za miyezo. Khoti la majisitireti likhale lomaliza.

Ine sindinafike kumeneko. Pa 12 Malichi anandiimbira kuti ndibwere ndi batire. Analiyeza ndikuona, mita inaonetsa 10.4, ndipo poti a mtundu umenewo anali atatha, anandibwezera K380,000 pa foni. Ndinadikira uthenga wa ndalama ulowe kaye, kenako ndinasaina kuti ndalandira.