Momwe mungaunikire mgwirizano wa ngongole ndi chikalata cha chikole musanasaine

Anthu ambiri akalandira mapepala a ngongole amathamangira pa manambala atatu: ndalama zomwe apatsidwe, chiwongoladzanja, ndi ndalama yobweza mwezi uliwonse. Manambala amenewa sabisika, chifukwa obwereketsa amawaika pa tsamba loyamba. Chomwe chimalanditsa anthu katundu chimakhala m'kati, m'ndime zonena za nthawi yomwe wokongola amaonedwa kuti waphwanya mgwirizano, ndipo munthu angathe kuuphwanya ngakhale sanalumphe kulipira mwezi ndi umodzi womwe. Tiyende ndi chitsanzo chongoyerekeza cha kampani yaing'ono yomwe yatsala ndi ngongole ya 12,000,000, imabweza 600,000 pa mwezi, ndipo inaika nyumba yake yosungiramo katundu ngati chikole. Mtundu wa ndalama ulibe kanthu pano, popeza masamu ake ndi amodzimodzi kulikonse.

Choyamba: sonkhanitsani mapepala onse

Ngongole imodzi kawirikawiri imakhala ndi zikalata zingapo: kalata yokuuzani kuti pempho lanu lavomerezedwa, mgwirizano weniweniwo, chikalata cha chikole, ndiponso kabuku ka malamulo omwe banki imagwiritsa ntchito pa makasitomala ake onse. Kabuku kameneka nthawi zambiri sikaperekedwa m'manja, kamangotchulidwa m'chiganizo chimodzi chonena kuti malamulo ake ndi mbali ya mgwirizano. Kapempheni, ndipo funani ndime yonena kuti zikalatazi zikatsutsana, chomwe chidzatsatidwe ndi chiti.

Chachiwiri: pezani mndandanda wa zolakwa, ndipo mutsate chilichonse mpaka komwe chachokera

Chakumapeto kwa mgwirizano kumakhala ndime yotchula zinthu zomwe zikachitika, obwereketsa amakhala ndi mphamvu yoitanitsa ngongole yonse nthawi imodzi. Kulephera kulipira kumakhala koyamba ndipo aliyense amakuyembekezera. Msampha uli pa mzere wotsatira, womwe umangoti kusakwaniritsa lonjezo lina lililonse la m'mgwirizanowu kapena m'chikalata cha chikole ndi cholakwanso. Mzere umodzi umenewu umatenga timalonjezo tonse tomwazika m'masamba makumi awiri n'kutisandutsa zifukwa zokulandani nyumba.

Choncho tengani pepala, mulembe lonjezo lililonse lomwe mwapatsidwa kuti mulisunge, pamodzi ndi tsiku lake. Mudzapeza zinthu monga kutumiza malipoti a chuma cha kampani pasanathe masiku akutiakuti chaka chikatha, kusunga inshuwalansi ya nyumbayo dzina la banki litalembedwapo, kulipira misonkho ya malo pa nthawi yake, kusachititsa lendi kapena kusintha kamangidwe ka nyumbayo popanda chilolezo cholembedwa, ndi kusatenga ngongole ina kapena kupereka chikole kwa munthu wina. Pa lonjezo lililonse dzifunseni ngati mukulikwaniritsa lero lino. Si zachilendo kuti munthu asaine ali wolakwa kale, mwachitsanzo ngati mbali ina ya nyumbayo muli kale munthu wa lendi yemwe banki sinauzidwe.

Pali zolakwa zitatu zomwe sizidalira khalidwe lanu pa ngongole iyi, ndipo n'zofunika kuziwerenga mofatsa. Choyamba ndi chomangirira ngongole iyi ku ngongole zanu zina: mukachedwa kulipira kwina kulikonse, kunonso mwalakwa. Onani ngati ndimeyo ili ndi malire a ndalama, ndiponso ngati ikunena za inu nokha kapena ikuphatikiza okuimirani pa ngongoleyo ndi makampani ena a eni ake omwewo. Popanda malire, mkangano waung'ono ndi wogulitsa katundu wina ungathe kugwetsa ngongole ya 12,000,000. Chachiwiri ndi chonena kuti chuma chanu chikasintha moipa kwambiri, banki ingathe kuitanitsa zake. Mawu oti muwasake apa ndi akuti "malinga ndi mmene obwereketsa akuonera", chifukwa akakhalapo ndiye kuti woweruza ndi yemweyo amene akukudandaulani. Chachitatu ndi cha zomwe munatsimikiza kuti ndi zoona, monga zoti mulibe mlandu kukhoti. M'migwirizano yambiri mawu amenewa amaonedwa ngati mukuwabwereza tsiku lililonse lolipira chiwongoladzanja, kotero kuti munthu akakusumirani chaka chamawa, chomwe chinali choona posaina chimasanduka bodza inu osatsegula pakamwa.

Pomaliza pa gawo ili, fufuzani ngati penapake palembedwa kuti ngongoleyi iyenera kubwezedwa nthawi iliyonse yomwe obwereketsa aifuna. Chiganizo chimenechi chikakhalapo, mndandanda wonse wa zolakwa uja umachepa mphamvu, chifukwa banki sifunikanso chifukwa.

Chachitatu: onani ngati mwapatsidwa mpata wokonza

Pa cholakwa chilichonse, yang'anani masiku omwe mwapatsidwa kuti mukonze, ndi tsiku lomwe kuwerenga kumayambira. Kuwerenga koyambira pa tsiku lomwe mwalandira kalata ya banki n'kosiyana kwambiri ndi koyambira pa tsiku lomwe cholakwacho chinachitika, pakuti pa njira yachiwiriyi masiku angathe kutha inu musanadziwe n'komwe. Onaninso ngati cholakwa chimatha mukachikonza, kapena chimatha pokhapokha banki italemba kuti yakhululuka. Ngati ndi chachiwirichi, inshuwalansi yomwe munaikonza mwezi wa Malichi ingadzatchulidwebe ngati chifukwa mwezi wa Novembala.

Chachinayi: werengerani nokha chiwongoladzanja chachilango

Apa musakhulupirire maso, gwirani cholembera. Ndimeyo muifunse mafunso anayi: chilangocho ndi chochuluka bwanji, ndi cha pa chaka kapena pa mwezi, chikuwerengedwa pa ndalama ziti, ndipo chikuyamba liti. Masamu ake ndi awa:

ndalama × peresenti × masiku ÷ 365

Tinene kuti mgwirizano wa kampani ija ukuti mukalakwa, pa chiwongoladzanja cha nthawi zonse padzawonjezedwa 5 peresenti pa chaka, ndipo kampaniyo yachedwa masiku 30. Ngati chilango chili pa ndalama yokhayo yomwe yachedwa, 600,000 × 0.05 × 30 ÷ 365 ikupereka pafupifupi 2,466. Ngati chili pa ngongole yonse yotsala, 12,000,000 × 0.05 × 30 ÷ 365 ikupereka pafupifupi 49,315. Kuchedwa n'komweko, peresenti ndi yomweyo, koma chilango chakula maulendo 20 chifukwa cha mawu awiri kapena atatu okha. Ndipo ngati 5 peresentiyo ndi ya pa mwezi, imeneyo ndi 60 peresenti pa chaka, ndipo ikamawonjezedwa ku ngongole mwezi ndi mwezi kuti nayonso izibala, imafika pafupifupi 80 peresenti. Migwirizano ina imagawa ndi 360 m'malo mwa 365, zomwe zimakweza ndalamayo pang'ono, koma kumeneko si komwe kuli ngozi yaikulu.

Ngozi yaikulu ili pamene ndime ya chilango ikumana ndi ndime ya kagawidwe ka ndalama zomwe mwalipira. Tinene kuti kampani ija sinachedwepo, koma inshuwalansi ya nyumba inatha ndipo panadutsa masiku 90 munthu asanazindikire. Mgwirizano ukuti chilango chimagwa pa cholakwa chilichonse, pa ngongole yonse, kuyambira tsiku lomwe cholakwacho chinachitika. Poyerekeza kuti yotsala inali 12,000,000 masiku onsewo, chilangocho ndi pafupifupi 147,945. Mwezi wotsatira kampani ikulipira 600,000 monga mwa masiku onse, koma ndime ya kagawidwe ikuti ndalama iliyonse yolowa iyambe yalipira zowonongedwa ndi banki ndi zilango, kenaka chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo pomalizira. Banki ikuchotsa 147,945, ndipo ndalama ya mweziwo yaperewera ndi 147,945 yomweyo. Tsopano kampani ili ndi cholakwa cha kusalipira, chomwe kawirikawiri mpata wake wokonzera umakhala waufupi kuposa wa zolakwa zina, ndipo ngati ili ndi ngongole ya galimoto kwina yokhala ndi ndime yomangirira ija, nayonso yagwedezeka. Chizindikiro chake chimaoneka pa sitetimenti: mwalipira ndalama yonse koma ngongole yeniyeni yatsika mochepera kuposa mmene ndandanda yobwezera ikunenera.

Ena amadzitonthoza kuti khoti silingalole chilango chotere. N'zoona kuti m'maiko otsata malamulo ochokera ku England makhoti amakana chilango chopitirira muyeso, koma musadalire kwambiri zimenezi. Mu 1996, pa mlandu wa Lordsvale Finance ndi Bank of Zambia, khoti la ku London linavomereza kuwonjezera 1 peresenti pa wolephera kulipira, poona kuti inali yochepa, inkagwira ntchito kuyambira pa tsiku lolephera kupita m'tsogolo, ndiponso kuti wokongola amene walephera amakhala woopsa kwambiri kwa wobwereketsa. Malire enieni amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kukawapeza kukhoti kumadya ndalama nyumba ili kale pa msika.

Chachisanu: werengani chikalata cha chikole ngati mgwirizano wachiwiri

Yambani ndi tanthauzo la ngongole yomwe chikolecho chikuteteza. Ngati palembedwa kuti chikuteteza ndalama zonse zomwe muli nazo ngongole kwa banki, tsopano kapena m'tsogolo, panokha kapena pamodzi ndi ena, ndiye kuti kumaliza 12,000,000 sikumasula nyumbayo pokhapokha akaunti zina zonse zitayera, kuphatikizapo ngongole ya munthu wina yemwe munamuimira. Kenaka onani nthawi yomwe banki ingayambe kugwiritsa ntchito chikole. Mgwirizano ungakupatseni masiku 14 okonzera pamene chikalata cha chikole chikuti mphamvu yogulitsa kapena yoika munthu woyendetsa katunduyo imayamba nthawi yomweyo ndalama zikaitanitsidwa, ndipo apa ndi pomwe ndime ija ya chikalata chopambana chinzake imagwira ntchito. Kwa kampani, onaninso ngati pali chikole chokuta katundu yense wolowa ndi kutuluka, monga malonda a m'sitolo ndi ndalama zomwe makasitomala sanalipire. Chikole chotere chimakulolani kugulitsa mwa nthawi zonse mpaka chinthu china chitachitika, ndipo chikalata chingathe kunena kuti chikolecho chimadzitseka chokha popanda kalata, kuchokera pamenepo simuloledwanso kugulitsa popanda chilolezo.

Chachisanu ndi chimodzi: pemphani kusintha, molemba

Banki sidzalembanso mgwirizano wonse chifukwa cha inu, choncho sankhani zochepa zolemera. M'kuona kwanga, zitatu izi ndi zomwe zikanapulumutsa kampani ija: chilango chigwe pa ndalama yochedwa yokha, masiku okonzera ayambe kuwerengedwa mutalandira kalata, ndipo chikole chiteteze ngongole iyi yokha mpaka pa ndalama yotchulidwa. Mukapita kwa loya, mupite ndi pepala lanu la malonjezo ndi masamu aja, kuti nthawi yomwe mukulipira ithere pa malamulo a dziko lanu okhudza zidziwitso ndi kugulitsa chikole. Zomwe ofisala wa banki wavomera pakamwa zilowe m'chikalata chomwe musaine kapena m'kalata yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri, chifukwa migwirizano yambiri ili ndi ndime yonena kuti zolembedwazo ndiye pangano lonse, ndiponso kuti banki ikalekerera cholakwa lero siitaya mphamvu yodzachigwiritsa ntchito mawa.